Nambala ya p ndi Manja a Achimwene

Keke ankagula dzulo lake, n'kuiika mu filiji ya ku ofesi pakati pa makontena a zakudya za anthu. Unali mwambo wakale wa dipatimenti ya kafukufuku ya pachipatala chija: tsiku lotsegula zotsatira, keke inkadikira nambala imodzi yotchedwa p. Nambalayo ikatsika kupitirira 0.05, mpeni unkalowa. Ikakana kutsika, panalibe wotchulanso za keke. Ankaidya alonda a pageti, ndipo anthu ankanena kuti mimba za alonda aja zinakula ndi kafukufuku wolephera.

Namasamu anali atadyetsa alondawo makeke ambiri. Iye ndiye anali mwini masamu a kafukufuku pa dipatimentiyo. Madokotala ankaona odwala, anamwino ankalemba, ndipo zonse zinkathera pa kompyuta yake, m'kachipinda kopanda windo kogundana ndi chimbudzi. Dzinalo anamupatsa ndi achimwene ake, akalipentala, amene anamulera makolo awo atamwalira. Ali wamng'ono ankakhala pa utuchi m'shedi n'kumawerenga misomali yopanda womutuma, ndiye dzina linamukakamira mpaka ku ofesi.

Kafukufuku wa chaka chimenecho anali wa mankhwala atsopano a khansa ya m'chiwindi yomwe yafika kale patali. Zipatala zambiri zinalowa nawo, odwala anaposa chikwi. Kompyuta inkawagawa mwamaere. Theka ankalandira chithandizo cha nthawi zonse ndi diripi ya mankhwala atsopanowo, theka linalo chithandizo chomwecho ndi diripi ya madzi amchere chabe. Ndani ali gulu liti, sankadziwa wodwala, sankadziwa dokotala, sankadziwa ngakhale Namasamu. Masamu ake onse anawakonzeratu poyeserera pa magulu abodza, kuti pa tsikulo angolowetsa magulu enieni n'kudina batani.

Matenda alibe ulemu. Kalembera wa odwala atangotsekedwa, achimwene ake anayamba kuchita chikasu m'maso. Ankati ndi vanishi. Atawajambula, khansa yomweyo, yofika patali. M'kafukufuku sakanalowamo, koma kampani ya mankhwalawo inali italonjeza kuti zotsatira zikakhala bwino, odwala a m'zipatala zomwe zinathandiza adzalandira ulere. Choncho kunyumba kwa achimwene akenso kunali anthu odikira keke imene sanaionepo.

Tsikulo linafika. M'chipinda cha misonkhano munadzaza mpaka ena anatsamira khoma. Pulofesa, mkulu wa kafukufukuyo, anavala tayi yake ya zotsatira, yofiira, yothimbirira kunsonga. Namasamu analowetsa magulu enieni, nadina. Pakhoma panaoneka tebulo la manambala, ndipo maso onse anachita zomwe amachita nthawi zonse: analumpha mizere yonse n'kukatera pakona ya kumanja, pamene pamakhala p.

0.01.

Chipinda chinaphulika. Namwino wina analulutira, wina anathamangira ku filiji. Namasamu, munthu amene chaka ndi chaka ankakalipira madokotala achinyamata kuti asamayambire kuwerenga kumapeto kwa tebulo, nayenso anali atayambira kumapeto. Anatuluka foni ili kale kukhutu. Lamulo linkaletsa kuulutsa zotsatira zisanalengezedwe, ndipo lamulolo anathandiza kulemba ndi iyeyo.

"Achimwene! Zatheka! Mankhwala aja akugwira!"

Kumbali inayo kunamveka puleni yopalira matabwa ikuikidwa pansi, kenako mawu a alamu ake akulanda foni. "Mwati chiyani, mlamu? Bwerezani, awa makutu anawatseka ndi utuchi."

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka kumbuyo kwake, ndipo mawu a Pulofesa anatuluka ngati a wolengeza mpira: "Anzanga, mwayi woti talakwitsa ndi umodzi wokha pa zana!"

"Ndamva!" anakuwa alamu. "Ndamva ndekha! Mmodzi yekha pa zana! Bambo ake, mwamva? Pa anthu zana, mmodzi yekha ndiye sachira!"

"Ayi, mlamu, dikirani..."

Koma foni inali itagwera penapake pofewa, ndipo chomwe chinkamveka chinali nyimbo ya kutchalitchi yoimbidwa ndi munthu amene akulira.

Anabwerera m'chipinda. Wina anamuikira keke pa pepala. Apa m'pamene anawerenga tebulo monga mmene amaphunzitsira ena, kuyambira kumanzere. M'gulu la madzi amchere, theka la odwala linali litamwalira pofika miyezi isanu. M'gulu la mankhwala, theka linali litamwalira pofika miyezi isanu ndi milungu itatu. Poganizira kusatsimikizika kwa muyeso, kusiyana kwenikweni kukanatha kukhala masiku ochepa chabe, kapena kufika milungu isanu. Pa chithunzi, mizere iwiri ya amoyo inkatsetsereka limodzi ngati anthu awiri otsika phiri, wina ali kumbuyo pang'ono, ndipo yonse inkathera pansi. Tsamba lotsatira linali la zovuta za mankhwala: kusanza, kugonekedwa m'chipatala kawirikawiri, ndiponso dzanzi la m'manja ndi m'mapazi, lomwe linagwira pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu alionse, ndipo ambiri silinawachoke.

Anawerenga mzere wa dzanziwo kawiri. Keke anaisiya pa windo.

Pulofesa anamupeza m'kachipinda kake masana, kirimu ali pa tayi.

"Nkhope imeneyo ndi ya maliro, Namasamu. Alonda lero agona ndi njala, sukusangalala?"

"Munanena zolakwika paja, Pulofesa. Mwati mwayi woti talakwitsa ndi umodzi pa zana. Nambala ya p siinena zimenezo. Imati: mankhwalawa akanakhala opanda ntchito konse, kusiyana kwakukulu chonchi kapena kuposa apa kukanabwera kamodzi pa zana chifukwa cha maere okha. Imayamba ndi kuganiza kuti mankhwala ndi madzi. Siingatembenuke n'kutiuza mwayi woti ndi madzi kapena ayi."

"Ndikudziwa, mayi, ndikudziwa. Ndinaphunziranso ine. Mu lipoti ulembe bwinobwino. Koma pa keke munthu sunganene chiganizo chachitali ngati chimenecho, anthu angagone."

"Ndi milungu itatu."

"Inde, milungu itatu." Pulofesa anakhala pampando wothyoka mkono, nthabwala zitamuthera. "Ndakhala pa matenda amenewa kuyambira tsitsi langa lili lakuda. Palibe chimene chinasunthapo mzere uja ngakhale tsiku limodzi. Lero wasuntha. Obwera pambuyo pathu adzayambira apa. Si bodza, Namasamu, mankhwalawa akuchita kanthu."

"Sindikukana. Koma p yachepa chifukwa odwala anali ochuluka. Ukakhala ndi anthu oposa chikwi, ngakhale kusiyana kochepa kumaonekera. Kuonekera si kukula."

"Ndani wakutsutsa?"

"Palibe. Ndinaimbira foni achimwene anga."

 Za lamulo lija Pulofesa sanatchule. Anangovula tayi, naipinda, naiika m'thumba.

"Manja awo ndi amene amawadyetsa, eti?"

"Ndi akalipentala."

"Pita ukawauze zonse. Akafuna mankhwala, malo awo alipo. Akakana, sindidzawaona ngati opusa."

Loweruka m'mawa anapita. Shedi ya achimwene ake inali kuseri kwa nyumba, ya malata, yotsegula mbali imodzi. Anawapeza atakhala pa situlo, chifukwa kuimirira nthawi yaitali kunali kutayamba kuwavuta. Malamba a thalauza anali atabooledwa mabowo atsopano ndi msomali. Patsogolo pawo panali kabedi ka mwana, kapena kuti chiyambi chake: miyendo inayi, pansi pake, ndi mbali imodzi ya timitengo toimirira. Mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anali ndi pakati poyamba. Tsiku limene anamva za matenda awo, achimwene anabwerera molunjika, osapatuka kulikonse. Atafika kunyumba anakatsitsa matabwa amene anawasunga padenga la shedi zaka zambiri, osalola munthu kuwagula. Kabediko sankafuna kukakhoma ndi msomali ngakhale umodzi. Kamtengo kalikonse ankakasema ndi manja, kukalowetsa m'bowo lake, kukatulutsa, kukapalanso pang'ono, mpaka kalowe kokha ndi kuphwa kwa mpweya.

"Wabwera, Namasamu? Alamu ako sanagone chiimbire foni. Auza mpingo wonse, auza ogulitsa makala, auza ngakhale galu wa aneba. Ndikuti ndikachira ndidzafunika kupepesa anthu amene anayamba kale kusonkha za bokosi."

"Ali kuti?"

"Kumsika. Akuti munthu wochira amafuna nyama." Anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Khala apo. Nkhope imeneyo ndimaidziwa. Ndi ija unabwera nayo utathyola sowo yanga."

Namasamu anakhala pa mulu wa matabwa. Anali atakonzekera mawu m'basi, koma onse anali a m'kalasi. Anatola zidutswa za thabwa pansi.

"Tinene kuti munthu wakubweretserani mankhwala a chiswe. Mukufuna kudziwa ngati ndi enieni. Mwatenga matabwa ambiri, mwatsinzina, mwawagawa milu iwiri. Mulu wina mwaupaka mankhwalawo, wina madzi. Mwaisiya panja."

"Matabwa anga ine? Panja?"

"A aneba."

"Pitiriza."

"Ngakhale mankhwalawo atakhala madzi okhaokha, milu iwiriyo siingadyedwe mofanana ndendende. Potsinzina paja, mwina matabwa olimba anachulukira mbali imodzi. Ndiye tikaona kuti mulu wopakidwa wachedwa kudyedwa, timadzifunsa: akanakhala madzi, kutsinzina kokha kukanabweretsa kusiyana kotere kangati? Yankho lake ndiye nambala ija ya p. Ife tapeza kamodzi pa zana. N'chifukwa chake tikuti n'zovuta kukhulupirira kuti ndi madzi."

"Ndiye si madzi. Zabwino."

"Mwina ndithu si madzi. Koma nambalayo imathera pomwepo. Siinena kuti thabwa likhala nthawi yaitali bwanji. Siinena kuti pa matabwa zana angati apulumuke. Za thabwa limodzi ili," anakweza chidutswa, "siidziwa chilichonse."

Achimwene anatenga chidutswacho, nachisisita ndi chala chachikulu.

"Nanga chiswecho chinasiya matabwa angati?"

"Sichinasiye, achimwene. Chinangochedwa."

"Chinachedwa bwanji?"

"Pakati ndi pakati, milungu itatu. Ena mwina anapindula kuposa apo, ena sanapindule konse. Sitingadziwe kuti inu mungakhale ati."

Kunja kunadutsa njinga yamoto. Achimwene anaseka pang'ono, kuseka kwa m'mphuno.

"Milungu itatu. Ine kasitomala ndikamuuza kuti abwere pakatha milungu itatu, amadziwa kuti ndikumuthamangitsa."

"Pali china. Mankhwalawa amachititsa dzanzi m'manja. Mmodzi mwa atatu. Ambiri silichoka."

Apa sanaseke. Anayang'ana kabedi, nayang'ana timitengo tosasema tomwe tinatsamira khoma, mbali zitatu zathunthu. Kenako anayang'ana manja awo, kunsi ndi kumwamba, ngati akuona chida chobwereka.

"Popanda mankhwala ndingamalize?"

"Sindikudziwa. Mwina. Mukadali ndi mphamvu."

"Ndi mankhwala?"

"Masiku ambiri muzikhala ku wodi. Dzanzi likakuphonyani, mwina. Likakugwirani, ayi."

"Sukulu yonse ija ndinakulipirira kuti uzindiyankha kuti mwina?"

"Ndi yankho lokhalo loona limene ndili nalo."

Alamu anafika ndi jumbo ya nyama, thukuta lili kamukamu, akuimbabe. Anali mayi wamfupi, wa mawu aakulu, amene anasunga banja lija ndi mashini osokera zaka zimene mipando sinkagulidwa. Namasamu anawakhazika pansi n'kuyambanso za chiswe. Sanafike patali.

"Mlamu, ine si thabwa, awanso si thabwa. Ndinamva ndi makutu anga. Bambo uja ndi pulofesa. Anati mmodzi pa zana."

"Ananena molakwika, ndipo ngakhale iwo sankanena za anthu ochira. Nambala ija siwerenga anthu."

"Nanga inu simunati zatheka? Sinali pakamwa panu?"

"Inali pakamwa panga. Ndinafulumira. Ndinali ndisanawerenge zonse."

"Ndiye Lachitatu munali dokotala wa uthenga wabwino, lero mwasanduka kadzidzi. Ndikhulupirire uti?" Anaika jumbo pansi mwamphamvu. "Mankhwala akugwira kapena sakugwira?"

"Akugwira, koma pang'ono."

"Akugwira. Basi. Pang'ono ndi inuyo mukutero. Mulungu amayambira pa pang'ono pomwepo. Mukufuna ndikhale pano ndizionerera mwamuna wanga akusema timitengo mpaka agwe, mankhwala ali apo aulere? Kabedi tikagula! M'mashopu mwadzaza timabedi!"

"Ta misomali," anatero achimwene chapansipansi.

"Inu khalani chete! Mwana amagona ngakhale m'beseni!"

Analowa m'nyumba, ndipo mapoto anayamba kulira kuposa mmene nyama imafunira. Madzi akatayika saoleka. Namasamu anawataya yekha, pa foni, m'kanthawi kochepa kuposa kudula keke.

Achimwene anamuperekeza mpaka pageti, akuyenda pang'onopang'ono.

"Ndamva zonse, Namasamu. Usaganize kuti sindinamve. Chiswe chichedwa, sichisiya."

"Ndiye musankha chiyani?"

"Ndikalandira."

"Achimwene, kabedi kaja..."

"Kabedi ndi kanga. Koma otsala ndi alamu akowo. Ndikakana, moyo wawo wonse adzakhala akunena kuti panali mankhwala ochiza anthu onse kupatula mmodzi, mwamuna wanga anasankha matabwa, mlongo wake ndi amene anamunyengerera. Adzadana nawe mpaka kumanda. Mwana akubwerayu adzakula azakhali a mayi ake osaloledwa kulowa pageti pano." Anatsegula getilo, lomwe anapanga okha. "Ukanabwera ndi milungu itatu yakoyo poyamba, tikanakambirana atatu. Koma unabwera ndi zana. Zana silibwezeka."

Sananene mokalipa. Namasamu akanakonda akanakalipa.

Anayamba diripi mwezi wotsatira. Namasamu ankatsika kuchokera ku ofesi nthawi ya nkhomaliro n'kukhala nawo pa wodi, pafupi ndi windo loyang'ana kochapira zovala. Achimwene ankagogoda loka yosungiramo zinthu ya pambali pa bedi n'kumadandaula kuti amene anaipanga ayenera kumangidwa. Akatuluka, masiku awiri oyamba ankangosanza. Tsiku lachitatu ankadzikoka kupita ku shedi. Mbali yachiwiri ya kabedi inatha choncho. Yachitatu inatha movutikira, ndipo timitengo tiwiri anatitaya chifukwa anatipala mopitirira, zomwe sizinawachitikirepo.

Tsiku lina Namasamu anawapeza atakhala pa situlo, magazi akudontha pa utuchi kuchokera pa chala. Iwo ankayang'ana kwina. Sanadziwe kuti adzicheka.

"Ndimayesa ndavala magolovesi," anatero atawamanga. "Ndikugwira thabwa, koma likundiuza zinthu ngati lili m'chipinda china."

Madokotala anachepetsa mankhwala, kenako anasiya, koma dzanzi linakhala. Mabatani a shati ankawamanga alamu. Kapu ankaigwira ndi manja awiri, akuiyang'anitsitsa, chifukwa akayang'ana kumbali inkagwa. Timitengo ta mbali yachinayi tinakhala potsamira khoma, tamakona, tosasema. Kalipentala mnzawo anadzipereka kuti amalize. Anamubweza. Alamu anapitiriza kuuza alendo kuti dzanzi ndi chizindikiro chakuti mankhwala akumenyana ndi matenda, ndipo Namasamu akakhalapo ankayang'ana pansi.

Ku ofesi lipoti linatuluka. Namasamu analimbana kuti milungu itatu ndi dzanzi zilembedwe m'ndime yoyamba, p ibwere pambuyo, ndipo Pulofesa anavomera osatsutsa. Lipotilo linali loona mzere uliwonse. Linawerengedwa ndi anthu a m'mayiko akutali, amene sanamvepo foni ija.

Mwana anabadwa wamkazi. Anabwera naye kwa agogo ake atakulungidwa mu shawelo yoyera, nthawi imene achimwene sankadzukanso. Anawatsamiritsa pa mapilo n'kuwaikira khandalo m'manja, mayi ake atachirikiza pansi.

"Ndikumuona," anatero. "Ndi wokongola, watengera ine. Koma tandiuzani, akulemera?"

"Akulemera, adadi."

"Khungu lake ndi losalala?"

"Kwambiri."

"Chabwino. Ndikhulupirira inu." Anatembenuzira maso kwa mlongo wawo. "Namasamu, lemba kuti mwina ndi losalala."

Anaseka onse, ngakhale alamu. Patapita masiku owerengeka anamwalira, m'mawa, wailesi ikulengeza za nyengo.

Maliro atatha, alendo atabalalika, Namasamu anapita kukathandiza kukonza m'shedi. Mwana wa achimwene ake anali momwemo, khanda lili kumsana, akupukuta fumbi pa kabedi ka mbali zitatu.

"Azakhali, ine ndimathokoza mankhwala aja. Popanda iwo sakanamuona mwanayu. Ndi milungu itatu ija munkanena, si choncho? Inakwanira ndendende."

 Namasamu akanatha kungogwedeza mutu movomera. Koma anali ataperekapo kale uthenga wokoma wosakwanira kamodzi chaka chimenecho, pa foni paja.

"Sindikudziwa, mwanawe. Mwina anawapatsa masiku amenewo. Mwina akanafika okha. Mwina akanafika ndi manja awo. Milungu itatu ija ndi ya gulu, si ya adadi ako. Munthu amayenda njira imodzi yokha, inayo sitiiona."

Mtsikanayo anapitiriza kupukuta, koma pang'onopang'ono.

Alamu anali ataima pakhomo la shedi, atavala zakuda, mawu awo aakulu aja atatha ndi kulira. Kuyambira tsiku la nyama lija sanalankhulanepo za nambala.

"Mlamu," anatero, "ndakhala ndikuganiza. Pa anthu zana, mmodzi. Ndiye mmodziyo anali mwamuna wanga? Pa anthu onsewo, Mulungu analoza iyeyu?"

Bodza linali pafupi, lofewa, lokwanira bwino. Likanawasiya alamu ndi tsoka, ndipo tsoka munthu amatha kulisenza. Koma likanawasiyanso akuganiza kuti m'nyumba zina makumi asanu ndi anayi mphambu zisanu ndi zinayi amuna akudzuka m'mawa, akumanga okha mabatani.

"Ayi, mlamu. Sanasankhidwe. Amene analandira mankhwala aja pafupifupi onse anapita njira yomweyi, ena msanga, ena mochedwerapo. Kunalibe anthu ochira amene iwo anatsalira."

"Nanga zana lija linali la chiyani?"

"Linali la maere. Linkangonena kuti kusiyana kumene tinaona n'kovuta kubwera mwamwayi. Silinkanena za iwo."

"Iwo ankadziwa?"

"Ankadziwa."

"Kuti sachira? Ndi za manja zomwe?"

"Zonse."

Alamu analowa, nakhala pa situlo ya amuna awo. Anatola kamtengo kamodzi mwa tosasema tija, nakatembenuza. Panali mzere wa pensulo pamene panayenera kudulidwa.

"Ndiye analandiriranji?"

Namasamu anayang'ana iwowo. Alamu sanafunsenso. Anali mayi wochenjera, ndipo anakhala ndi mwamuna ameneyo zaka zambiri kuposa mlongo wake. Anakhala choncho, kamtengo kali pamiyendo, mpaka khanda linayamba kulira.

"Tinyamule," anatero potsiriza, akuimirira. "Mwana sangamagone m'beseni agogo ake anali akalipentala."

"Amayi, mbali iyi agwa," anatero mtsikana uja.

"Tikagunditsa kukhoma."

Anakanyamula awiri, alamu kutsogolo, Namasamu kumbuyo. Kanali kolemera kuposa maonekedwe ake, ndipo sikanalire paliponse, ngakhale pamene anakapendeketsa kuti kalowe pakhomo. M'chipinda anasuntha tebulo la mashini osokera, nakankhira mbali yopanda timitengoyo kukhoma. Khomalo silinali lowongoka. Kumutu kunatsala mpata wolowa dzanja.

Alamu anapita kukatenga bulangete lakale, nalipinda, nayamba kulitsendera mumpatamo.

"Gwirani uko, mlamu," anatero osamuyang'ana. "Kankhani kwambiri."

Namasamu anakankha.